Magazi anga anakanidwa chifukwa cha dzina lachikwatu

Dzulo pa chipatala china muno mu Lusaka anandibaya kawiri. Magazi oyamba anawakana ku labu chifukwa pa botolo analembapo Banda, pomwe pa fomu panali Phiri, dzina lachikwatu.

Lamulo lokana magazi ngati maina asiyana sindikulitsutsa, makamaka pa magazi oyezera kuika munthu magazi, chifukwa kusokoneza mabotolo kungathe kupha wodwala. Chimene chandinyansa ndi fomuyo. Mpata wa dzina ndi wochepa kwambiri, ndipo wolembapo nthawi yotengera magazi ndi dzina la wotenga uli pansi penipeni, pamene maso a namwino wotopa safika. Kakalata ka pa botolo nako analemba atachoka kale pamene ndinakhala, m'malo mondifunsa dzina ndi tsiku lobadwa ndili pomwepo. Mkono wanga watupa mpaka lero.