Mayi wachikuta akatentha thupi, lekani zodikira mawa

Ndikudzudzula inu apongozi, azakhali ndi amuna ake amene mumasunga mayi wachikuta m'nyumba thupi likutentha, n'kumati ndi malungo chabe kapena ndi mkaka ukubwera. Mumatuma mwana kuokala kukagula panado, mumapempha LA wotsala kwa aneba, kenako mumakhala pakhonde kudikira kuti muone kuti kucha bwanji. Ndionetsetse adathetsa nkhosa, abale anga. Pali matenda amene achipatala amawatcha sepisisi, ndipo amatha kutenga munthu amene dzulo lomweli amadya nsima, usiku umodzi wokha.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Mtsikana wachira bwinobwino Lolemba, Lachiwiri amutulutsa kuchipatala. Lachinayi madzulo wayamba kuzizidwa, mano akuchita kugundana, m'munsi mwa mchombo mukupweteka, ndipo zotuluka kumusi zayamba kununkha. Iye akuchita manyazi kunena za fungolo, inunso simukufunsa. Mwamupatsa panado awiri, thukuta latuluka, nonse mwapuma. Lachisanu m'mawa wakana phala, mwana sakumulabadira, akupuma mwawefuwefu ngakhale wangogona pamphasa. Masana wayamba kuyankha zosagwirizana ndi zimene mwamufunsa. Madzulo mwamugwira manja n'kupeza ndi ozizira, ndiye wina n'kunena mosangalala kuti "thupi lazizira, malungo aja atsika." Apa ndi pamene ndimalira napo. Kuzizira kumeneko si kuchira ayi, ndiye kuti magazi asiya kufika m'manja ndi m'mapazi.

Mvetsani chimene chikuchitika m'thupimo. Tizilombo talowa m'chiberekero, pamene panali nsengwa paja pakadali bala, makamaka ngati kachidutswa kake kanatsalira. Thupi limayamba kumenyana nato, ndipo nthawi zambiri nkhondoyo imathera pamalo pomwepo. Koma nthawi zina chitetezo cha thupi chimalusa mopyola muyeso, n'kuyamba kuwononga thupi lomwelo. Mitsempha ya magazi imatakasuka paliponse ndipo imayamba kudontha, madzi a m'magazi n'kumathawira m'minofu. Zili ngati ngalande yothirira kudimba imene yagumuka m'mbali: madzi akulowa kumtunda, koma mabedi akumunsi sakulandira kanthu. Mtima umathamanga kuti ukwaniritse, koma bipi imatsikabe. Impso zikasowa magazi zimaleka kupanga mkodzo. Ubongo ukasowa magazi munthu amabwebweta kapena kungogona tulo tosadzutsika bwino. Asidi amachuluka m'magazi, mapapo nawo amayamba kulowa madzi, ndiye kupuma kothamanga kuja. Zikafika poti bipi sikukweranso ngakhale amuike madilipi, achipatala amati munthu walowa mu shoko, ndipo pamenepo ambiri sabwerera ngakhale madokotala achite zonse zimene angathe.

Choncho musamangogwira pamphumi n'kukhutira. Panado amabisa kutentha, tizilombo satikhudza n'komwe. Ndiponso wodwala sepisisi sikuti nthawi zonse amatentha. Kachipangizo koyezera kakaonetsa kupitirira 38 ndi chizindikiro, komanso kakatsika pansi pa 36 munthu akuoneka wodwala ndi chizindikiro choopsa kwambiri.

Chimene ndikufuna muphunzire ndi kuwerenga mpweya, chifukwa sikufuna ndalama. Tengani foni, muyang'ane chifuwa cha wodwalayo ali phee, muwerenge kuti chakwera kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma ka 12 mpaka ka 20. Mukapeza 22 kapena kuposa apo, ndipo munthuyo ali ndi potupa, bala, chifuwa kapena wangobereka kumene, musayambenso kukambirana. Kenako mufunseni dzina la mwana wake, mufunseni kuti lero ndi lachingati. Akasokoneza, kapena akamatsinzina pakati pa yankho, musathamangire kunena kuti amulodza kapena ndi misala ya uchembere. Mufunsenso kuti wakodza liti komaliza. Funso limeneli anthu amaliona ngati lochititsa manyazi, koma munthu amene kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa sanataye madzi, impso zake zili pamavuto. Mukhozanso kufinya chikhadabo chake mpaka chiyere, n'kusiya: kufiira kuyenera kubwerera msanga, ndipo kukachedwa kupitirira masekondi atatu ndiye kuti magazi sakuyenda bwino. Simufunika kudikira kuti zonsezi zikwane. Chimodzi chokha mwa izi, pa munthu amene akudwala kale, n'chokwanira kuitana kabaza kapena galimoto.

Ndipo za malungozi ndinenepo. Inde, malungo aliko ndipo amapha. Koma si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Akakubayani chala n'kukuuzani kuti malungo mulibe, ena mumabwerera kunyumba mokwiya n'kukagula LA kwina. Mmalo mwake funsani kuti, "Nanga ngati si malungo, n'chiyani chikumutenthetsa?" Ngakhale malungo atapezeka, munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Akamwa mankhwala a malungo koma n'kumaipiraipirabe, bwererani tsiku lomwelo, musadikire kuti amalize botolo kapena paketi.

Kuchedwa kwina kumene kumandipweteka mtima ndi kwa mwambo. Mwini mbumba ali kutali, foni yake sikupezeka, ndiye anthu akuti sitingamunyamule asanalole. Ena akuti wachikuta satuluka mchombo wa mwana usanagwe. Ena ayamba kaye kwa sing'anga kukatemera mphini, ena kumapemphero a usiku wonse. Ine sindikuletsa munthu kupemphera, pempherani muli m'galimoto. Amalume akeyo muwauza muli pa njira, ndipo palibe mwini mbumba wanzeru amene adzakuimbeni mlandu chifukwa chothamangitsira mwana wake kuchipatala.

Ponyamuka tengani buku lake la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene wamwa, ngakhale azitsamba omwe, musabise. Ngati akugona tulo tofa nato, mugonekeni cham'mbali ndipo musamukakamize kumwa madzi kapena phala, angatsamwe. Mukafika musakakhale pa mzere mwaulemu mpaka masana. Pitani kwa namwino mukanene momveka kuti, "Anachira Lolemba, akutentha thupi kuyambira Lachinayi, zotuluka zikununkha, akupuma ka 28 pa mphindi, sanakodze chiyambire m'mawa ndipo akubwebweta." Mawu otere amamuuza namwino kuti uyu sayenera kudikira. Chimene amafunika ndi dilipi, jakisoni wa m'mitsempha wa mankhwala opha mabakiteriya monga seftirayakisoni, mpweya ngati akubanika, ndi kuchotsa gwero la matendawo, kaya ndi zotsalira m'chiberekero kaya ndi mafinya pa bala la opaleshoni. Madokotala amayesetsa kuti wodwala amene bipi yatsika alandire jakisoniyo mkati mwa ola limodzi, chifukwa ola lililonse lochedwa limachepetsa mwayi wake. Makapisozi a kugolosale sangachite ntchito imeneyi. Ndipo chipatala chaching'ono chikakutumizani ku chachikulu, pitani, musabwerere kumudzi kukasonkha kaye maganizo.

Ndatenga chitsanzo cha wachikuta, koma njira yake ndi yomweyi kwa agogo a chibayo, kwa bambo wa shuga amene ali ndi chilonda cha kuphazi, kwa amene ali ndi HIV koma analeka mankhwala, ndi kwa amene mkodzo ukumuwotcha n'kuyamba kumva kupweteka m'mbali mwa msana. Khanda lomwe lili pambali pa mayiyo muliyang'anenso. Mwana wosakwana miyezi iwiri akaleka kuyamwa, akamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi, akamalowa nthiti popuma, akazizira kapena kutentha, kapena pamchombo pakafiira n'kumatuluka mafinya, ameneyonso ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku.