Katundu akagona pa shelefu, tsitsani mtengo msanga, koma muyambe mwawerengera

Eni magolosale ndi maokala ambiri amaluza pa katundu wosayenda malonda chifukwa amachedwa kumuzindikira. Amadikira mpaka botolo lachita fumbi, pepala lake lafwifwa ndi dzuwa, tsiku lothera ntchito latsala pang'ono, ndiye n'kuyamba kugulitsa motaya. Maganizo anga ndi akuti kutsitsa mtengo pang'ono nthawi ikadalipo kumapulumutsa mpamba kuposa kutsitsa kwambiri mochedwa, ndipo zonsezi zimatheka ndi kope, cholembera ndi masamu ochepa.

Poyamba, maso amanama. Shelefu yodzaza imaoneka bwino, ndipo mwini wake amaiwala kuti katoni inayake inabwera liti. Katoni iliyonse ikafika, lembanipo ndi maka tsiku lomwe yafika, ndipo m'kope mulembe kuchuluka kwa zomwe zili m'katimo, mtengo woodera ndi tsiku lothera ntchito. Kenako sabata iliyonse, tsiku limodzi lomwelo, werengani zotsala. Funso lofunika ndi limodzi: momwe katunduyu akuyenderamu, adzatha patapita masabata angati? Mumagawa zotsala ndi zomwe zikugulidwa pa sabata. Yankholo muliyerekeze ndi masabata omwe atsala kuti katunduyo athe ntchito. Ngati masabata ogulitsira akuposa masabata otsalawo, katunduyo wagona, ngakhale atakhala kuti anthu akumugulabe apa ndi apo.

Tiyerekeze ndi chiponde cha m'mabotolo. Mitengo ndikuikayi ndi yongoyerekezera, inu muikepo yanu. Mwaoda katoni ya mabotolo 24 pa K72,000, kutanthauza K3,000 botolo limodzi. Gawo la thiransipoti ndi wakabaza pa katoni imeneyi ndi K2,400, ndiye kuti K100 pa botolo. Mtengo weniweni wa botolo litafika pa shelefu ndi K3,100, ndipo katoni yonse yakudyerani K74,400. Ambiri amaiwala K100 imeneyi, n'kumaganiza kuti akagulitsa pa K3,000 abweza mpamba, pamene aluza ya ulendo. Mwaika mtengo wa K4,000. Patha masabata 8, mwagulitsa mabotolo 8 okha, atsala 16, ndipo tsiku lolembedwa pabotolo lifika pakatha masabata 10.

Botolo limodzi pa sabata, ndiye kuti 16 otsalawo akufuna masabata 16. Inu muli ndi 10, ndipo kunena zoona muli ndi 8, chifukwa masabata awiri omalizira makasitomala owerenga tsiku amabweza botolo pa kauntala. Chiponde sichitha m'masiku awiri kunyumba, munthu amafuna chokhalitsako. Mukangokhala osachitapo kanthu, mugulitsa ena 8 pa K4,000, ndalama zonse za katoni zikhala K64,000, ndipo mabotolo 8 atayidwa. Mwaluza K10,400, chonsecho simunatsitseko mtengo ngakhale tsiku limodzi. Apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza: amaona phindu la K900 pa botolo lililonse lomwe lagulidwa, osaona mabotolo omwe sadzagulidwa.

Tsopano pezani mtengo womwe simuyenera kutsika kupitirira. Katoni inadya K74,400, mwabwezapo kale K32,000 pa mabotolo 8 aja, yatsala K42,400. Gawani ndi mabotolo 16 otsala, mupeza K2,650. Umenewu ndiye malire anu. Mabotolo onse otsala atagulidwa pa K2,650, katoni yonse yabweza mpamba wake ndendende, opanda phindu, opanda kuluza. Taonani kuti malirewa ndi otsika kuposa K3,100 ija, chifukwa phindu la mabotolo oyamba likuthandizira otsalawo. Kudziwa nambala imeneyi kumachotsa mantha, koma si mtengo woyambira ayi. Ndi mtengo wa tsiku lomaliza.

Yambani ndi K3,500. Mukufuna mabotolo awiri pa sabata kwa masabata 8. Akatha onse pa mtengo umenewu mupeza K56,000, kuphatikiza K32,000 ija ndi K88,000, phindu la K13,600 pa katoni yomwe ikanakuluzitsani K10,400. Lembani mtengo watsopano pa chidutswa cha katoni ndi zilembo zazikulu, mtengo wakale uonekenso koma wokhwatchidwa, ndipo mabotolowo muwachotse pakona n'kuwaika pomwe munthu amaima polipira. Kutsitsa mtengo mwakachetechete, osalemba, osasuntha katundu, n'kungopatsa K500 kasitomala yemwe akanagula ndi kale pa K4,000. Muyambitsenso pa nthawi yomwe anthu ali ndi ndalama, kumapeto kwa mwezi kapena tsiku la msika, osati pakati pa mwezi pomwe aliyense akugula za tsiku limenelo zokha.

Pakatha masabata awiri werenganinso. Tinene kuti agulidwa atatu okha m'malo mwa anayi. Atsala 13, masabata atsala 6, ndipo muli m'mbuyo. Tsikani pa K3,200, ndipo malire anu muwawerengerenso: K42,400 kuchotsa K10,500 ya mabotolo atatuwo, yatsala K31,900, kugawa ndi 13 ndi pafupifupi K2,450. Malo otsikira akadalipo ambiri. Chomwe sindigwirizana nacho ndi kutsitsa K100 lero, K100 mawa, K100 mkuja. Makasitomala a m'dera amadziwana ndipo amauzana, akaona mtengo ukutsika tsiku ndi tsiku amadikira kuti utsikenso. Tsitsani kawiri kapena katatu, motalikirana ndi masabata awiri, ndipo kutsitsa kulikonse kukhale koti munthu akuona.

Njira ina ndi kumangirira katundu wogonayo ku katundu woyenda. Ubwino wake ndi wakuti mtengo wa pa shelefu umakhalabe K4,000, choncho mukadzaodanso chiponde anthu sadzati mwakweza. Koma zomangirirazo zikhale zinthu zodyera kapena zogwiritsa ntchito limodzi. Chiponde chimayenda ndi buledi. Tinene kuti buledi mumaoda K2,200 n'kugulitsa K2,500. Padera padera ziwirizi ndi K6,500, ndipo inu zinakudyerani K5,300. Mukaika K6,000 pa zonse ziwiri, kasitomala wasunga K500, inu mwapeza K700. Musasangalale msanga ndi K700 imeneyi: buledi akanagulidwa ndi kale n'kukupatsani K300 yake, ndiye phindu lenileni lomwe chiponde chabweretsa ndi K400, chimodzimodzi ndi kugulitsa pa K3,500 paja. Kuchotsera konse kuzichokera pa phindu la katundu wogonayo, osadya phindu la katundu yemwe amayenda yekha.

Ndi chifukwa chake sindilimbikitsa kumangirira ku shuga kapena mafuta ophikira. Zinthu zimenezi phindu lake ndi lochepa kwambiri, ndipo aliyense amadziwa mtengo wake pamtima. Mukakakamiza kuti wofuna shuga agulenso chiponde, apita kwa neba wanu, ndipo kumeneko akagulanso sopo ndi mchere womwe. Buledi kapena shuga azipezekabe payekha kwa wofuna chimenecho chokha. Ndipo pomanga ndi selotepi musaphimbe tsiku lothera ntchito. Kasitomala akakaona kunyumba kuti munabisa, sabweranso. Muuzeni poyera kuti chatsala ndi miyezi iwiri, n'chifukwa chake chatsika mtengo. Tsikulo likangopyola, katunduyo achoke pa shelefu, asalowe m'mpukutu uliwonse wa zomangirira pamodzi. A Malawi Bureau of Standards amayendera mashopu n'kulanda katundu wotha ntchito, koma ngakhale asanabwere, chakudya chotere chimapita m'mimba mwa ana a anthu omwe mumakhala nawo.

Basela nayenso amafuna masamu. Ena amati aliyense wogula katundu wa K30,000 alandira botolo laulere. Ngati phindu lanu pa katundu wamba ndi K10 pa K100 iliyonse, pa K30,000 mwapeza K3,000, ndipo botolo mwapatsalo ndi la K3,100. Mwagulitsa dengu lodzaza n'kutsala ndi ngongole ya K100. Basela wa mtundu umenewu ndi woyenera pa mabotolo awiri atatu omalizira, katoni itabweza kale mpamba wake.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimaononga ntchitoyi m'mashopu omwe ali ndi wogulitsa wolembedwa ntchito. Choyamba, wogulitsa wosakhulupirika amamasula mpukutu, n'kugulitsa buledi ndi chiponde padera pa K6,500, m'kope n'kulemba K6,000, K500 n'kulowa m'thumba. Mangani mipukutu yowerengeka, isanu patsiku mwachitsanzo, ndipo chikwangwani cha mtengo chikhale poonekera kuti kasitomala azidziwa yekha. Chachiwiri ndi kukongoza katundu wogona pofuna kuti angochoka. Pamenepo mpamba wangosamuka pa shelefu n'kukagona m'kope la ngongole, komwe kuutulutsa n'kovuta kuposa.

Si katundu yense wochedwa yemwe ayenera kutsitsidwa mtengo, ndipo apa ndi pofunika kusamala kwathu kuno. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali ndi ndowa, mapoto kapena maloko pa shelefu anaona mtengo woodera ukukwera katundu wawo ali chikhalire. Katundu wosaonongeka musamuthamangire kutaya. Musanatsitse, funsani ku holoselo mtengo wa lero, chifukwa mutha kugulitsa pa mtengo woti sungakuodereninso chinthu chomwecho. Komanso katundu wina sanagone, akungodikira nyengo yake: makope amadikira kutsegulira sukulu, maambulera amadikira mvula, mafuta odzola olemerera amayenda m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Ngati nyengo yake ifika tsiku lothera ntchito lisanakwane, ndipo muli ndi mpamba wina wooderabe zoyenda, muikeni pouma n'kudikira. Koma ngati ndalama yomwe yagona m'ndowazo ndiyo ikukulepheretsani kuoda sopo yemwe amatha sabata iliyonse, gulitsani pa mtengo woodera wa lero opanda phindu, ndalamayo izungulire.

Katoni ya chiponde ija ikatha, bwererani m'kope mukaone chomwe chinaigoneka. Kawirikawiri ndi kukula kwa botolo, anthu a m'deralo amagula tating'ono togwirizana ndi ndalama ya tsikulo. Mwina neba akugulitsa mtundu womwewo motsika ndi K300, kapena munaoda nthawi yokolola mtedza pomwe ambiri akusinja chiponde chawo kunyumba. Ngati mabotolo amagulidwa limodzi pa sabata, ulendo wina muode 6 okha, kapena mugawane katoni ndi mnzanu wa shopu ina, ngakhale botolo litakwera ndi K100 chifukwa simunatenge katoni yonse. Ndipo akafika atsopano, akale muwakokere kutsogolo kwa shelefu, atsopanowo akhale kumbuyo.