Juwisi wa malambe aziyambira pa madzi owiritsa

Kutentha kwa Okutobala kukafika kuno ku Salima, juwisi wa malambe amayenda malonda kwambiri, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay. Inenso ndimapanga, ndipo ndimamukonda. Koma anthu akamatsutsana za juwisi wabwino amangokamba za shuga, pomwe chimene chimadwalitsa anthu ndi madzi ndi mabotolo. Malambe akakhala m'chigoba chawo chosasweka amakhala ouma, aukhondo. Tizilombo timatithiramo tokha.

Tinene kuti mukufuna malita 5. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu, muvundikire, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda. Musathire malambe m'madzi obwadamuka, chifukwa moto umawononga vitamini C amene malambe amatchuka naye. Ngati nkhuni zavuta, thirani WaterGuard motsatira mlingo wolembedwa pabotolo, mudikire mphindi 30. Ine ndimaviika kilogalamu imodzi ya malambe, nthanga zake zili momwemo, mu ndowa ya pulasitiki ya chivundikiro kwa ola limodzi. Poto wa aluminiyamu ayi, amadyeka ndi zinthu zowawasa. Kenako ndimatakasa ndi mthiko mpaka nthanga zitsale zoderako, zopanda ufa, n'kusefa kawiri: koyamba ndi sefa, kachiwiri ndi kansalu koyera komwe ndakawiritsa.

Onani kuti ndati mthiko. Kufikisa ndi manja n'kofulumira, ndikudziwa, koma manja omwewo agwira ndalama, foni ndi thewera la mwana. Kolera ya 2022 ndi 2023 inativuta kwambiri kuno kunyanja, ndipo njira yake ndi yomweyi, madzi ndi manja. Ena amati malambe ndi owawasa, ndiye amapha tizilombo tonse. Kuwawasako kumathandizako, koma sikungasandutse madzi otunga m'nyanja kapena pachitsime chosavundikira kukhala abwino. Ayezi nayenso ndi madzi. Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotigoneka.

Za shuga, musayambe ndi wambiri. Pa malita 5 yambani ndi magalamu 300. Musungunule kaye m'kapu ya madzi otentha, apo ayi amakhala pansi, inu n'kumaonjezera poganiza kuti sanakwane. Lawani ndi supuni yoyera, muonjezere pang'onopang'ono, koma ine sindipyola magalamu 500. Pamlingo umenewo botolo la theka la lita lili kale ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 12, ndipo ambiri ogula ndi ana asukulu. Akawawasa kwambiri, nthawi zina chofunika n'kuonjezerako pang'ono madzi owiritsa aja, pakuti malambe amalimba akakhalitsa. Komanso shuga wa mu juwisi sateteza kuti asaonongeke ngati mmene amachitira mu jamu. Wochepa chonchi amangosanduka chakudya cha yisiti, juwisi n'kuyamba kusasa.

Pomwe ndimakwiya ndi pa mabotolo. Botolo lotola pa siteji ya minibasi, wina wamwera, lagona m'fumbi, kungolitsukuluza m'beseni limodzi ndi anzake makumi awiri si kutsuka. Litsukeni ndi sopo, pakamwa pake ndi m'mizere ya chitsekerero momwe litsiro limabisala, mulitsukuluze ndi madzi a kolorini, muliike chozondotsa liume. Mabotolo agalasi ndi abwino chifukwa mutha kuwawiritsa. Apulasitiki opyapyala aja amakwinyika m'madzi otentha.

Juwisi uyu sitimuphika, choncho moyo wake ndi waufupi. Mu filiji yozizira bwino, madigiri 5 kapena kutsika, amwedwe pasanathe masiku awiri, akachuluka atatu. Ali panja asapitirire maola awiri, ndipo dzuwa la kuno likapyola madigiri 32, ola limodzi basi. Magetsi akazima, filiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4. Akazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, botolo n'kufunda, tayani. N'zopweteka, koma kumuziziritsanso sikubweza chilichonse. Ogulitsa ndi bwino kuumitsa mabotolo mu fiziza, n'kunyamula ochepa mu kulaboksi.

Juwisi woonongeka amadziulula: botolo limafufuma, likamatsegulidwa limati fwii, timathovu timakwera, fungo n'kukhala ngati thobwa logona. Koma ufa ukangodikha pansi, madzi pamwamba, si vuto, ingokhutchumulani. Choopsa n'chakuti tizilombo totsegula m'mimba sitisintha fungo kapena kakomedwe, ndiye mphuno musaidalire.

Mango akayamba kupsa, malamulo ndi omwewa, kungoti mango sawawasa ngati malambe ndipo amasasa msanga. Atsukeni musanasende, oola mbali imodzi muwasiye, mufinyiremo ndimu, ndipo mupange wongokwanira tsiku lomwelo.