Chizindikiro pa botolo la chiponde: ku Tanzania amakulipirira, kwathu uyambe wapisa m'thumba

A Tanzania atiposa pa chinthu chimodzi, ndipo ndikamachiganizira chimandiwawa mumtima. Munthu wa bizinesi yaing'ono akafuna chizindikiro cha TBS, bungwe lawo loona za miyezo ya katundu, pa chakudya chomwe amapanga, sayamba ndi kusaka ndalama. Amapita ku SIDO, bungwe lawo lothandiza mafakitale ang'onoang'ono lomwe lilipo kuyambira 1973, n'kutenga kalata yomuperekeza. Akaipereka kalatayo ku TBS, ndalama zoyendera malo ake, zoyezera katundu ku labotale ndi za laisensi amalipira ndi boma kwa zaka zitatu zoyambirira. Iye udindo wake ndi kukonza malo ndi katundu basi.

Ine ndimapanga chiponde ku Kasungu, cha mtedza wa CG7, ndipo mabotolo ndimakagula ku Mbeya. Kumeneko ndidadziwana ndi mayi wina wopanga chiponde ngati ine, makina ake ogayira ocheperanso kuposa anga, antchito ake ndi ana a mchemwali wake. Koma botolo lake lili ndi chizindikiro, ndipo lili pa shelefu m'mashopu akuluakulu a m'tauni. Nditawafunsa kuti, "Amayi, chizindikirochi chidakudyerani zingati?" adaseka n'kunena kuti chidawadyera simenti ndi matailosi, ku TBS sadasiyeko kanthu. Ndidaganiza kuti akundinamiza, mpaka adanditulutsira fotokope ya kalata ya SIDO m'chikwama.

Musandimve molakwa, njira ya kupempha chizindikiro ndi imodzimodzi mbali zonse ziwiri za Songwe. Kwathu ku MBS, bungwe lathu la miyezo lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, umalembetsa bizinesi kaye, kenako umadzaza fomu yonena chomwe ukupanga ndi komwe ukupangira. Oyendera amabwera kudzaona malo, atanyamula malamulo a ukhondo a MS 21. Amafuna chipinda chopangira chikhale chapachokha, osati khichini ya pakhomo pomwe madzulo paphikidwa nsima. Pansi ndi makoma zikhale zotsukika, mawindo akhale ndi sefa yotchinga ntchentche, madzi akhale aukhondo, chimbudzi chisayang'anizane ndi pogwirira ntchito, posamba m'manja pakhale pafupi. Ogwira ntchito avale zophimba tsitsi ndi maepuloni, ndipo akhale ndi zikalata za kuchipatala. Amayang'ananso kayendedwe ka katundu: mtedza wosakazinga usamadutse pomwe pali chiponde chomwe chatha kale. Akatero amatenga sampulo kupita nayo ku labotale, n'kuyang'ananso lebulo potsata MS 19. Lebuloyo iyenera kunena dzina la katundu, zomwe waikamo kuyambira chochuluka kutsikira pansi, kulemera kwake, dzina ndi keyala ya wopanga, nambala ya bachi, tsiku lopangira ndi tsiku lomwe chidzathe mphamvu. Mayi wa ku Mbeya uja adadutsa m'zonsezi, sadamusiyire ngakhale chimodzi.

Kusiyana kuli pa nthawi yomwe ndalama imafunika. Kwathu wopempha ndiye amalipira kuyenderako ndi kuyezako, ndipo amalipira asanagulitse botolo ngakhale limodzi m'shopu yaikulu, poti shopu yaikulu silandira katundu wopanda chizindikiro. Ndiye taganizani munthu yemwe mpamba wake wonse wathera ku mtedza wa chaka chonse, ku makina ndi ku chipinda chomwe wangomanga kumene potsata malamulo omwewo. Pa nthawi yomwe m'thumba mwaphwa, m'pomwe akufunika kulipiranso. Ambiri amathera pomwepo. Amabwerera kukagulitsa m'mabotolo akale a mayonezi ku msika ndi m'maofesi, chiponde chomwe palibe adachiyezapo, ndipo ana a anthu akudya chomwecho m'phala tsiku ndi tsiku.

Apa m'pomwe nkhaniyi imandipsetsa mtima, chifukwa chiponde si chinthu choyeza ndi maso. Chomwe chimagwetsa ambiri ku labotale ndi poizoni wa chuku, yemwe akatswiri amati afulatokisini. Chuku chimagwira mtedza m'munda mvula ikadula mtedza ukukhwima, kapena pokolola khasu likavulaza makoko, kapena ukasungidwa usanaume. Timadziwanso tonse za chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usendeke msanga, n'kuuthira m'thumba uli wonyowa. Poizoniyu sanunkha, samveka pa lilime chikasanduka chiponde, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Akamalowa m'thupi kwa nthawi yaitali amawononga chiwindi.

Muyezo wa maiko a kum'mawa kwa Afirika, womwe a Tanzania amatsata, umati mtundu woopsa kwambiri wa afulatokisini, wotchedwa B1, usapitirire maikulogalamu 5 pa kilogalamu imodzi. Kuti mumve kuchepa kwake, tengani chiponde cholemera makilogalamu 50. Malire ake ndi maikulogalamu 250, kutanthauza kota ya miligalamu m'chiponde chonsecho. Poizoniyu sakhala wofanana m'thumba lonse la mtedza, amaunjikana m'njere zochepa zofota, zosweka kapena zosintha mtundu. Njere zodzadza dzanja limodzi zikalowa m'makina, chigayo chimamwaza poizoniyo m'bachi yonse, ndipo bachi yonseyo yagwa.

N'chifukwa chake kusankha mtedza kumadya nthawi kuposa kugaya. Ife timasankha kawiri. Koyamba ndi usanakazingidwe, kuchotsa zofota, zoboola ndi tizilombo ndi zachuku chooneka. Kachiwiri ndi ukakazinga n'kupukusa khungu lofiira lija, chifukwa pamenepo njere zimagawikana ndipo yomwe idawola mkati imaonekera ndi madontho abulawuni kapena achikasu chodera. Mtedza wouma bwino umalira ukaugwedeza m'khoko, ndipo ukauluma umathyoka, sunyung'unyika. Koma ngakhale uchite zonsezi, yemwe angakuuze zoona ndi labotale yokha. Munthu yemwe kuyeza kukumudyera ndalama ya mtedza amayeza kamodzi, mwamantha, kapena osayeza n'komwe.

Mayi wa ku Mbeya uja adandiuza kuti oyendera atabwera koyamba adamubweza. Matumba a mtedza adali pansi penipeni atatsamira khoma, ndipo pa lebulo padalibe nambala ya bachi. Adamulembera zoti akonze, iye n'kukhoma mapaleti a matabwa, n'kuyamba kabuku kolemba kuti bachi iliyonse yachokera kwa mlimi uti ndipo yagayidwa liti. Kabuku kameneka n'kofunika kwambiri: sampulo ikagwa, umadziwa mabotolo oti uwachotse pa msika ndi thumba lomwe labweretsa vutolo, m'malo motaya katundu yense. Chomwe chidandikhudza n'choti ankafotokoza za kubwezedwako mopanda mantha. Ndalama yomwe akadapereka pa khomo adagulira matabwa.

China chomwe adakonza a Tanzania ndi makomo. Kale wopanga chakudya ankayenera kugogoda ku TFDA, bungwe lomwe linkaona za chakudya ndi mankhwala, komanso ku TBS, kulipira uku ndi uku pa botolo limodzi. Mu 2019 adasamutsira nkhani za chakudya ku TBS, ndipo TFDA idasanduka TMDA yoona za mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala. Tsono chizindikiro cha TBS chimadziwikanso m'maiko a mgwirizano wa kum'mawa kwa Afirika, kotero botolo la ku Mbeya lili ndi njira yopita ku Kenya kapena ku Uganda.

Ndivomereze pomwe pakufunika kuvomereza. Ulere si changu. Malabotale akuluakulu a TBS ali ku Ubungo mu Dar es Salaam, ulendo wa tsiku lathunthu kuchokera ku Mbeya, ndipo mayi uja adadikira zotsatira mpaka mtima kutopa. Dziko lathu n'laling'ono, MBS ili ndi maofesi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, labotale yatsopano ili ku Chichiri mu Blantyre. Tilinso ndi chizindikiro chongoyambira chomwe mumachiona pa mabotolo ena, chomwe chimalola munthu kulowa pa msika pomwe akumuyang'anirabe asanamupatse chenicheni, ndipo maganizo amenewo ndi abwino. Malamulo a MS 21 ndi MS 19 sindikuwadandaula ngakhale pang'ono, ndi omwewo omwe ndingafune kuti atsatidwe pa chiponde chomwe mwana wanga angagule kwa munthu wina. Ndikudziwanso kuti mapulojekiti ena amalipirira makoparetivi. Komanso ulere wa ku Tanzania umatha zaka zitatu zikakwana, kenako munthu amalipira ngati wina aliyense.

Koma zaka zitatuzo ndiye nkhani yonse. M'zaka zitatu, yemwe ali pa shelefu wapeza makasitomala, wagula makina achiwiri, ndipo laisensi akhoza kuilipira kuchokera m'phindu. Thandizo la pulojekiti limadalira kuti pulojekitiyo yafika m'boma lanu ndipo dzina lanu lili pa mndandanda. Kwa anzathuwa ndi ndondomeko ya dziko: kalata m'manja, khomo latseguka, kaya uli ku Kyela kaya ku Tabora. Wina anena kuti chuma chawo n'chachikulu kuposa chathu. N'zoona, koma ndi angati opanga chiponde, uchi ndi tsabola wa kambuzi m'Malawi muno oti boma lingagwe nawo likawalipirira kuyeza? Tikuwononga zingati m'zipatala chifukwa cha chakudya chosayezedwa?

Ku Zambia adasankha njira ina. Malamulo a 2017 adagawa ntchito pawiri: ZABS imalemba miyezo, kuyeza ndi kupereka chizindikiro kwa ofuna, pomwe ZCSA imalondola miyezo yokakamiza. Ubwino wake ndi woti wolemba malamulo si yemwe amakugwira, koma kwa wa bizinesi yaing'ono ku Chipata zikutanthauza kudziwa makomo awiri. Ku Mozambiki bungwe la miyezo ndi INNOQ, ndipo kumeneko lebulo yako iyambe yalankhula Chipwitikizi.

Mu Malichi 2025 boma lathu lidaletsa kulowetsa m'dziko zinthu zingapo, chiponde ndi uchi zili pa mndandanda, ati pofuna kuteteza opanga a konkuno. A Tanzania adabwezera mu Epulo potsekera zokolola zathu, mpaka maboma awiriwa adakhala pansi. Ine monga wopanga ndidakondwa ndi cholingacho, koma kutseka chipata sikuika botolo langa pa shelefu. Malo omwe katundu wakunja wasiya amadzazidwa ndi makampani omwe ali kale ndi chizindikiro. Ndikupempha unduna wa zamalonda chinthu chimodzi chokha: pakhale bungwe lotsimikiza kuti uyu ndi wa bizinesi yaing'ono, lizimupatsa kalata, ndipo boma lizilipira ku MBS ndalama zoyendera ndi zoyezera kwa zaka zitatu zoyambirira. Miyezoyo isachepetsedwe, ndipo wolephera azibwezedwa mpaka akonze.