Kwaya yathu imayimba bwino, mafoni ndiwo akuyinamizira

Lamlungu lapitali kanema wa kwaya yathu anayenda m'magulu a WhatsApp mpaka anakafika kwa azakhali anga ku Dedza. Madzulo ake anandiyimbira foni. "Kodi mwanawe, ku Harareko kulibe amuna oyimba besi?" Zinandiwawa mumtima, chifukwa ine ndinali m'tchalitchimo ndipo azibambo athu a besi asanu ndi mmodzi anayimba mpaka mabenchi kunjenjemera. Koma wojambulayo anakhala pafupi ndi sipika ya kiyibodi, ndiye foni inatola kiyibodi yokhayokha ndi mawu a mayi mmodzi wa kutsogolo akung'ambika.

Ambiri akamva zotere amati tisonkhe ndalama tigule zida zodula. Ine ndikukana. Choyamba ndi malo oyimikapo maikolofoni, pakuti imamva kwambiri chimene chayiyandikira. Ukaiyika m'munsi, pa benchi yoyamba, imatola mzere wakutsogolo wokha, mawu a kumbuyo n'kutsekedwa ndi matupi a anzawo. Ukapita nayo kutali, kukhomo uko, imatola phokoso lobwerera kuchokera ku zipupa za simenti ndi denga la malata, moti nyimbo imamveka koma mawu ake osadziwika.

Loweruka lotsatira pa pulakatisi ku Highfield, muno mu Harare, ndinatenga kachojambulira kanga ka Zoom H1n n'kukamangirira pa sitandi kumbuyo kwa wotsogolera kwaya, pakatikati penipeni. Kanali mamita atatu kuchokera pa mzere woyamba, m'mwamba mamita awiri ndi theka, ndipo ndinakalozetsa ku nkhope za mzere wakumbuyo. Sipika ya kiyibodi tinayichepetsa n'kuyitembenuzira kwa oyimba. Mnyamata wa kiyibodiyo anayamba wanyinyirika, koma nditamuveka mahedifoni n'kumva tena ndi besi zikutuluka payekhapayekha, anachepetsanso yekha osauzidwa.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mawu olowa m'chojambulira, ndipo apa m'pamene ntchito yambiri imafera. Ndimapempha kwaya iyimbe pamene nyimbo imafika pachimake, ng'oma ndi m'manja zonse pamodzi, ine n'kumatembenuza kagudumu mpaka kamzere ka pa sikirini kazilekeza pa -12 dB. Mpata wotsalawo ndi wa Lamlungu, chifukwa tchalitchi chikadzaza, amayi n'kuyamba nthungululu, anthu amayimba mokweza kuposa pa pulakatisi. Mawu akagunda pa 0 dB amaphwanyika, amamveka ngati nsalu ikung'ambika, ndipo zikatero simungawabwezeretse bwinobwino ngakhale pa kompyuta. Otsika pang'ono ndiwo amakwezeka mosavuta mu Audacity, pulogalamu yaulere.

Amene muli ndi foni yokha, iyimikeni pamalo omwewo, pa sitandi, osati m'manja, ndipo muyike pa Airplane mode. Foni imadzisinthira yokha mphamvu ya mawu, n'chifukwa chake pa ndime yachete mumamva mpweya ndi kukhosomola zikukwera. Magetsi akathima, jenereta ikhale kuseri, mazenera a mbali imeneyo atsekedwe. Potumiza kwa abale kumudzi sankhani Document, apo ayi WhatsApp imamufinya kanemayo n'kumuwononga.

Tsono pali china chimene chimandisowetsa mtendere kuposa mawu oipa. Timajambula anthu akupembedza n'kuwaponya pa Facebook osawafunsa. Mwezi wathawu ndinaona kanema wa kwaya ikuyimba pa maliro, kamera itakhazikika pa nkhope ya mayi wamasiye akulira, pansi pake anthu osamudziwa n'komwe akulembapo zawo. Abale anga, munthu uja anadzera kudzayika mwamuna wake. Kuno kulinso anzathu ena amene ali ndi zifukwa zawo zosafunira kuti nkhope zawo zizingoyendayenda, ndipo sayenera kutifotokozera zifukwazo.

Ife tagwirizana kuti abusa ndi akulu a mpingo azidziwa kaye, ndipo oyimba aziuzidwa pa pulakatisi kuti kanema adzayikidwa kuti. Wokana amayima kumapeto kwa mzere, kamera osamufika, mawu ake n'kumalowabe. Ana a Sande sukulu sitiwaonetsa makolo asanavomere, ndipo mayina awo sitilemba. Nyimbo nayo ili ndi mwini wake. Ngati anapeka ndi wa m'kwaya mwathu timam'pempha n'kulemba dzina lake pansi pa kanema. Ikakhala ya woyimba wina timafuna chilolezo kaye, ndipo za umwini wa nyimbo kuno amayang'anira ndi a ZIMURA, kwathu ku Malawi ndi a COSOMA.

Zimene tinajambula Loweruka zija ndawatumizira azakhali dzulo, kwaya yonse itamvetsera n'kuvomera. Andiyankha m'mawa uno kuti ndiwapatsire moni azibambo a besi aja.