Chenjezo kwa Oseka Digiri Imodzi ndi Theka

Abale anga a mu Lilongwe, ndamva ena mwa inu mukuseka nkhani yakuti dziko likutentha ndi digiri imodzi ndi theka, ati mu Okutobala kutentha kwa m'mamawa ndi kwa masana kumasiyana ndi madigiri oposa khumi koma palibe amene amafa. Kuseka kumeneko n'kwachibwana, ndipo muleke.

Malire a digiri imodzi ndi theka amenewa, amene mayiko anagwirizana ku Paris mu 2015 kuti ayesetse kusawapyola, sanena za tsiku limodzi ayi. Akatswiri amaphatikiza kutentha kwa dziko lonse, usana ndi usiku, dzinja ndi chilimwe, n'kuyerekeza ndi mmene zinalili pakati pa 1850 ndi 1900. Gawo lalikulu la dziko ndi nyanja zamchere zimene zimachedwa kutentha, choncho kumtunda kumene tikukhala ife kumatentha kuposa pamenepo. Chaka cha 2024 ndicho chinali choyamba kupyola malirewa.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mvula. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi chochuluka ndi 7 peresenti, kotero pa digiri imodzi ndi theka chimvula champhamvu chimawonjezeka ndi pafupifupi 10 peresenti. Chimene chinkagwetsa mamilimita 100 chikhoza kugwetsa 110. Musati n'zochepa. Milimita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi ndi lita imodzi ya madzi, ndiye denga la mamita khumi uku ndi uku lidzakhuthula malita 1,000 owonjezera, kutanthauza migolo isanu ya malita 200. Tsono werengani madenga onse a ku Kawale, ku Mchesi ndi kwa Mtandire, muwonjezerepo misewu ya tala ndi mabwalo a simenti amene samwa madzi, ndipo mudzifunse kumene madzi onsewo adzadzere.

Adzadzera m'ngalande zomwe zija mwadzaza majumbo, mabotolo ndi matewera. Adzatsikira mu Lingadzi ndi mu mtsinje wa Lilongwe, m'mene ena akugumula magombe pokumba mchenga ndi kuumba njerwa, ena n'kumanga nyumba pamalo pamene makolo athu sankayerekeza kuikapo ngakhale khola. Kodi mwaiwala kale zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023?

Mpweya wotentha womwewo umayamwanso chinyezi m'nthaka mofulumira, choncho ng'amba ya masabata awiri mu Januwale imafotetsa chimanga kuposa kale, ndipo chimvula chikagwa pa nthaka youma gwa, yopanda mitengo ngati mmene owotcha makala akusiyira Dzalanyama, madzi salowa pansi koma amathamangira kumitsinje.

Mafumu ndi atsogoleri a m'madera, itanani anthu anu agwire mafosholo achotse zinyalala m'ngalande mvula ya Novembala isanayambe. Inunso amene mukufuna kugula puloti pafupi ndi mtsinje, musadalire mawu a wogulitsa akuti madzi sanafikepo pamenepo, chifukwa iye akukumbukira mvula yakale. Onani pamene madzi osefukira anasiya matope ndi zinyalala pa mitengo, ndipo mukamange kumtunda kwenikweni kwa pamenepo.