Ntchito zitatu, tebulo limodzi: musayambire pa malipiro a m'kalata

Maganizo anga ndi akuti anthu ambiri akaitanidwa ntchito malo atatu amalemba tebulo lowanamiza. Amajambula madanga anayi, malipiro, mtunda, zowonjezera ndi mwayi wokwera, n'kugawa mamalikisi mmene mtima ukuwauzira. Mapeto ake imapambana ntchito yomwe ankaifuna kale. Tebulo limathandiza pokhapokha madanga atatu oyambawo atasandutsidwa ndalama ndi maola.

Malipiro oyenera kulowa m'tebulo ndi amene amafika m'manja, msonkho ndi penshoni zitachotsedwa. Mtunda nawo musaulembe m'makilomita. Lembani ndalama ya ulendo pa mwezi, ndi maola amene muzithera pamsewu kupita ndi kubwerera, pa nthawi yeniyeni yopitira kuntchito osati masana msewu uli pululu.

Nachi chitsanzo. Manambalawa ndi ongoyerekezera, mwa ndalama ya mtundu uliwonse. Ntchito zonse ndi za maola 8 pa tsiku, masiku 22 pa mwezi.

| | A | B | C |
|---|---|---|---|
| Zofika m'manja | 1,000 | 850 | 780 |
| Ulendo pa mwezi | 220 | 40 | 90 |
| Maola a pamsewu pa tsiku | 3 | 1 | 2 |
| Inshulansi ya chipatala | palibe | 60 | palibe |
| Zotsala | 780 | 870 | 690 |
| Maola onse pa mwezi | 242 | 198 | 220 |
| Phindu pa ola | 3.2 | 4.4 | 3.1 |

Taonani ntchito A. M'kalata ndi imene ikulipira bwino, koma ulendo ukadya gawo lake mukutsala ndi 780, pamene pa B mukutsala ndi 870. Komanso A ikukulandani maola 44 owonjezera mwezi uliwonse, omwe ndi oposa sabata yathunthu ya ntchito. Ameneŵa ndi maola amene mukanawerengera mayeso, kuchita kabizinesi kapena kucheza ndi ana. Palibe amakulipirani nthawi imeneyi.

Pa zowonjezera m'pamene anthu amapusitsika kwambiri. 60 ya inshulansiyo ndaiwonjezera pa zotsala za B chifukwa tikuyerekeza munthu amene akanalipira yekha ndalama imeneyo. Ngati muli kale pa inshulansi ya mkazi kapena mwamuna wanu, lembani 0, ndipo B itsika kufika pa 810. Funsaninso ngati inshulansi ya kuntchitoyo ikuphatikiza ana, komanso ngati imayamba tsiku loyamba kapena mukamaliza miyezi yoyesedwa. Bonasi imene amati imaperekedwa "kampani ikachita bwino" ndi 0. Chilichonse chimene mwangouzidwa pakamwa pa intavyu koma m'kontirakiti mulibe, ndi 0. Penshoni imene abwana amakuikirani ndi ndalama yanu ndithu, koma ilembeni pa mzere wakewake chifukwa simungalipire nayo lendi mwezi uno.

Danga la mwayi wokwera ndi lovuta, ndipo sindigwirizana ndi amene amangolembapo "wambiri" kapena "wochepa". Pakufunika umboni. Amene anali pa mpando umenewo ali kuti tsopano, anakwezedwa kapena anachoka? Udindo wotsatira dzina lake n'chiyani, ndipo ali pamenepo wakhalapo zaka zingati? Olemba ntchito akalephera kuyankha mafunso ameneŵa momveka, dziwani kuti makwerero palibe.

Tiyerekeze kuti C ikulonjeza kukulipirirani maphunziro. Kusiyana kwa B ndi C ndi 180 pa mwezi, kutanthauza 2,160 pa chaka. Umenewu ndiye mtengo weniweni wa maphunziro "aulerewo". Ngati kosi yomweyo mungailipire nokha ndi 1,500, tengani B, muphunzire ndi ndalama yanu, nthawi yowerengera muli nayonso. Koma ngati C ikupatsani luso limene silipezeka m'kalasi, monga kugwira makina amene malo ena alibe kapena kuyang'anira anthu koyamba, kutaya 2,160 kwa chaka chimodzi kapena ziwiri kungakhale kwanzeru. Musanasaine, werengani ngati maphunzirowo akukumangani kuti mugwire zaka zakutizakuti, ndi ndalama imene mudzabweze mukachoka msanga.

Pali zinthu zina zimene siziyenera kupikisana m'tebulo n'komwe. Musanawonkhetse chilichonse, lembani ndalama yochepetsetsa imene banja lanu lingakhalire pa mwezi. Ikakhala 750, ntchito C yagwa kale, ngakhale tsogolo lake likomere bwanji. Chimodzimodzi kontirakiti ya miyezi 6 kwa munthu amene ali ndi ngongole ya zaka ziwiri.

Pa chitsanzochi ine ndingasankhe B. A ndingaiganizire pokhapokha atavomera, molemba, kupereka galimoto yonyamula antchito kapena masiku awiri pa sabata ogwirira kunyumba, kenaka n'kuwerengeranso mzere wa ulendo ndi wa maola kuyambira pachiyambi.